Maliro Anasila, Manje Ofesi Yangoti Zii

Pa Mande kuseni ndinaseluka minibasi, ndinakonza duku yakuda kumutu, n'kuyamba kukwera masitepe a ku nchito kwathu. Ndisanafike pa chitseko ndinamva sipika ikulira, anyamata akutsutsana za bola ya pa Sondo, wina akuseka mpaka kutsokomola. Nditangotsegula, munthu anazimya sipika. Nseko zinathera pakati. Mnzanga amene timadya naye chiwaya pafupifupi Chisanu chilichonse anayang'ana pa kompyuta yake monga muli nkhani ya chaka, koma ine ndinaona kuti kompyutayo anali asanayatse.

Panali patapita masiku 9 kuchokera pamene tinaika amai anga.

Inu amene mumawerenga peji ino mumandidziwa ndi nkhani za masho, za oimba amene asiyana ndi mamaneja awo, za amene anavala chani pa kapeti yofiira. Lelo nkhani ndi ya ine mwine. Ndailemba chifukwa ku nyumba ya maliro anthu anandiuza vambiri: mokhalira, molirira, tsiku lochotsa duku. Koma za Mande yoyamba ku nchito palibe ananditchulirako.

KU MALIRO TIDZIWA ZOCHITA, KU OFESI IYAYI

Zinanditengera nthawi kumvetsa chimene chinachitika tsiku lija. Anzanga sanali oipa mtima. Ambiri a iwo anabwera ku nyumba ya maliro, ndipo kumeneko palibe anasokonezeka. Amuna anakhala panja pa tenti pafupi ndi moto, akazi anamanga vitenge n'kulowa m'nyumba kukhala pansi. Munthu afika, agwira chanza, akamba kuti pepani, akhala chete ola limodzi, asiya kangachepe m'mbale, apita. Mwambo umamuchitira zonse, safunika kuganiza mawu.

Ku ofesi kulibe tenti, kulibe mphasa. Munthu yemwe uja amene anakhala nawe pansi akukuona manje uli pa desiki, wavala baji ya kampani, ndipo sadziwa ngati akupatse moni wa maliro kapena wa nchito. Akaseka aopa kuti uzati alibe chifundo. Akakamba za amai aopa kuti uzalira pamaso pa anthu. Ndiye asankha chapafupi, kukhala zii. Iwe wofedwa ukuona monga akuthawa, pamene iye akuona monga akukupatsa ulemu.

Amene ananditsegula maso ndi ba anti ba ku akaunti, mzimai wamkulu amene wagwira nchito pamenepo zaka zambiri. Ananditsatira ku khichini, n'kutseka chitseko.

“Iwe mwana wanga, bwela kuno,” anatero, n'kundikumbatira pang'ono chabe. “Pepa. Manje mvela, aba bantu sibaziba vochita na iwe. Ukapanda kubaonesa njila, bazakuyopa mwezi wonse.”

Iwo anali kudziwa chimene akamba. Chaka chathachi anadwala TB, ndipo atabwerera ku nchito anapeza kapu yawo yaikidwa payokha pamwamba pa firiji. Nkhani yawo tibwererako. Choyamba tiyambe ndi masiku, chifukwa ndi pamene ambiri timalakwitsa tisanabwerere n'komwe.

MASIKU 12, OSAWADYA ONSE PAMODZI

Lamulo la za nchito muno mu Zambia, Employment Code Act ya 2019, limapatsa wanchito masiku osachepera 12 pa chaka, olipidwa malipiro onse, ngati wafedwa mwamuna kapena mkazi wake, kholo, mwana, kapena munthu amene anali kumusunga. Limalolanso masikuwa pa chifukwa china chomveka cha chifundo. Iyi si livu yako ya pachaka, ndi ina payokha. Koma gwirani mawu akuti pa chaka. Si masiku 12 pa maliro alionse. Ukawamaliza mu Febuluwale, maliro ena akabwera mu Okutobala uzayamba kupapata kwa abwana kapena kudya livu yako.

Amai anatisiya pa Chiwiri usiku. Ine mutu unali utaima, ndinafuna kulemba masiku onse 12 pa fomu. Mkulu wanga ndiye anandiletsa. Kwathu ku nchito amawerenga masiku ogwira nchito chabe, ndipo inunso mufunse mmene amawerengera kwanu musanasaine. Ndinatenga Chitatu, Chinai ndi Chisanu, tinaika pa Chiwelu, ndiye ndinawonjezera sabata yotsatira yonse, Mande mpaka Chisanu. Onse pamodzi anakhala 8, anatsala 4.

Masiku anayi aja ndiwo anandipulumutsa, chifukwa maliro sasila pa manda. Amai sanasiye wilo, ndiye banja linafunika kupita ku khoti kukasankhitsa woyang'anira chuma cha womwalira, ndipo tsiku limodzi linapita pamenepo. Lina linapita pa mizere ya ku NAPSA ndi ku banki, tikuyenda ndi mapepala a imfa mu envulopu ya khaki. Maofesi onsewa amatsegula nthawi imene iwenso ufunika kukhala pa nchito. Lachitatu ndinalitenga patapita mwezi ndi hafu, tsiku limene ndinauka n'kulephera ngakhale kusamba. Abwana analola. Limodzi likadalipo.

Chinanso, kalemba masikuwa. Kutuma foni kwa abwana uli kulira, iwo n'kunena kuti “osadandaula, bwela ukakhala bwino,” si livu. Kumapeto kwa mwezi amene amakonza malipiro amaona fomu, saona chifundo cha pa foni. Ngati sungakwanitse, tuma m'bale wako akasiye kalata ndi kopi ya pepala la maliro.

KONZA MAWU AKO USANALOWE

Cholakwa changa chachikulu pa Mande ija chinali kulowa wopanda mawu. Aliyense amene anabwera ndinamuyankha kuchokera pansi pa mtima, ndipo pofika 10:00 ndinali nditafotokoza katatu za usiku womaliza wa amai ku chipatala. Ulendo wachitatu ndinathamangira ku toileti, ndinakhalamo mpaka maso atauma.

Ba anti anandipatsa mankhwala ake madzulo omwewo. Konza chiganizo chimodzi, chifupi, chimene uzakamba kwa aliyense mofanana. Changa chinakhala ichi: “Zikomo maningi, tinaika bwino, tikulimba pang'ono pang'ono.” Ndikamaliza ndimafunsa funso la nchito pomwepo, monga “nanga peji ya Chisanu yafika pati?” Funsolo ndilo kiyi. Limamuuza munthu kuti moni wake walandiridwa, ndipo manje aloledwa kukamba nane monga kale. Ndinaona mapewa a anthu akutsika.

Chikanakhala bwino koposa ndikanatumiza meseji pa gulupu ya WhatsApp ya ku nchito pa Sondo madzulo: kuyamika onse amene anabwera ndi amene anasonkha, kunena kuti ndibwera mailo, ndi kuwauza poyera kuti andipatse moni monga masiku onse. Anthu makumi awiri akadadziwa zochita nthawi imodzi, ndipo sipika ija sikadazimidwa.

“BENZE KUDWALA CHANI KANSI?”

Pali funso limodzi limene chiganizo changa chinalephera kutseka. Linabwera pa lanchi, pamaso pa anthu asanu, kuchokera kwa mnyamata wa ku malonda amene sanawaonepo amai n'kamodzi komwe.

“Manje ba mami benze kudwala chani kansi? Benze bang'ono, ai?”

Mu Lusaka tonse tidziwa kuti funso limeneli kawirikawiri limanyamula lina kumbuyo. Munthu afuna adziwe ngati ndi matenda aja amene anthu amanong'onezana, kapena ngati m'banja muli nkhani ya ufiti. Ena amafunsa chabe chifukwa pakamwa pasowa chokamba. Onsewo sindiwe wowakhutiritsa. Matenda a amai ako ndi nkhani ya banja, ndipo suli ndi nkhongole ya kufotokoza kwa munthu chifukwa chakuti mumagawana pulinta.

Tsiku lija ndinayankha, ndipo ndinadzimva monga ndawavula amai pagulu. Manje yankho langa ndi ili: “Benze kudwala, Mulungu abapumuza. Ivo vinangu tisiye.” Ndimakamba mofatsa, ndikumuyang'ana m'maso. Palibe anafunsapo kawiri.

Kuli enanso, aja olalikira. “Limba mtima, chenze chifunilo cha Mulungu.” “Ulipo bwino iwe, unabaona mpaka wakula.” Wina anandiimika pa korido n'kuyamba kufotokoza maliro a atate ake, mpaka ine wofedwa dzulo ndinayamba kumutonthoza iye. Awa sindikangana nawo. Ndimati zikomo, ndiyang'ana foni, ndipita. Mphamvu za sabata yoyamba n'zochepa, si zothera pa kuwongola ulaliki wa anthu.

AMENE SANABWERE, NDI LISTI YA CHOPEREKA

Mnzanga wa chiwaya uja anandithawa masiku atatu. Ndikalowa ku khichini iye atuluka. Mtima unandiwawa kuposa za onse, mpaka pa Chinai ndinamupeza yekha pa geti.

“Boi, nakulakwila chani?”

Anangoti misozi mbwee. Sanabwere ku maliro chifukwa mwana wake anali mu chipatala sabata yomweyo, ndipo pa listi ya chopereka imene inali kuyenda pa gulupu analembetsa K100 imene analephera kupereka. Listi ija aliyense anali kuiona, maina a amene apereka ali ndi chizindikiro, lake lilibe. Manyazi ndiwo anamutseka pakamwa.

Apa ndinaphunzira kuti amene akuthawa kwambiri nthawi zambiri ndi amene adzimva kuti ali ndi mlandu. Ngati ndi munthu amene umufuna pa umoyo wako, yamba ndiwe, ngakhale zioneka zokhota kuti wofedwa ndiye ayambe. Ndipo listi ija, ngati ungakwanitse, osaiwerenga dzina ndi dzina. Ine ndinaiwerenga, ndipo kwa sabata ziwiri ndinali kuona anthu monga manambala: uyu K20, uyu K200, uyu ziro. Lola munthu mmodzi alandire ndalama, iwe uyamike gulu lonse pamodzi.

ABWANA NDI NCHITO YENIYENI

Ba Edita anandiitana masana a tsiku loyamba. Anali okoma mtima, koma chifundo chawo chinali cha kundichotsera zonse. Masho a mwezi wonse anapatsa wina, ine anati ndikhale chabe pa desiki ndipumule. Masiku awiri ndinakhala ndikuyang'ana khoma, ndipo kulibe choipa kwa wofedwa kuposa maola asanu ndi atatu opanda chochita. Komanso mu nchito yathu ukasowa pa masho mwezi wonse, oimba amayamba kutumira wina foni.

Pa Chitatu ndinabwerera kwa iwo ndi pempho la zinthu zitatu zomveka. Sabata ziwiri zoyamba ndigwire nkhani za masana chabe, zofunsa anthu mafunso ndi zolemba pa desiki, osati za usiku. Nkhani iliyonse wina aiwerenge isanapite. Ndipo pa Chisanu cha sabata yachiwiri tikhalenso pansi tione. Anavomera pomwepo. Abwana ambiri safuna kuganiza okha chimene wofedwa angakwanitse, amafuna uwauze, ndi tsiku lomwe zizasila.

Pempho lachiwiri lija linali lofunika kuposa mmene ndinaganizira. Chisoni chimadya mutu. Tulo timavuta, ndipo umaiwala vinthu vimene unali kuchita maso otseka. Mu nkhani yanga yoyamba ndinalemba dzina la woimba molakwika kawiri, ndinasinthanitsanso tsiku la sho. Mnzanga anazigwira zisanapite ku makina. Ngati nchito yanu ndi ya ndalama pa tilu, ya mankhwala, ya makina kapena yoyendetsa motoka, ichi si chamanyazi kupempha, chifukwa kulakwitsa kwanu kungadule kuposa dzina la woimba.

Sho yoyamba ndinapita patapita sabata zitatu. Ndinaopa kuti anthu azati mwana uyu amai ake sanaole n'komwe ali kale mu kilabu. Ndinauza atate aang'ono ndisanapite, kuti akamva amve kwa ine. Iwo anati nchito ndi nchito, amai ako ndiwo anakulipirira koleji. Ndinaima kumbuyo ndi kabuku kanga, bandi inayamba kalindula imene amai anali kuvina akamapyanga pa Chiwelu, ndipo ndinalira mu mdima pakati pa anthu ovina. Nkhani ndinalemba, inatuluka.

KAPU YA BA ANTI

Tibwerere kwa ba anti, chifukwa wobwera kuchokera ku matenda amakumana ndi zii wa mtundu wina. Wofedwa anthu amamuopa kuti azalira. Wodwala amamuopa kuti azawapatsira, ndipo amamuyeza ndi maso kuti waonda bwanji.

Lamulo lomwe lija limati wa kontirakiti yaitali akadwala, ndipo ali ndi kalata ya dokotala, alandira malipiro onse miyezi itatu yoyamba, ndi hafu miyezi itatu yotsatira. Wa kontirakiti yaifupi alandira onse masiku 26 ogwira nchito, ndi hafu masiku 26 otsatira. Ba anti anakhala kunyumba miyezi iwiri, anabwerera akali kumwa mankhwala, chifukwa mankhwala a TB wamba amatenga miyezi 6. Ndipo anapeza kapu ija pa firiji.

TB imayenda mu mpweya, munthu akamatsokomola, osati pa kapu, supuni kapena kugwirana chanza. Ndipo munthu amene akumwa mankhwala bwino, mankhwalawo n'kumagwira, amaleka kupatsira ena pakapita sabata zochepa. Dokotala ndiye amanena kuti manje angabwerere. Ba anti sanachite miting'i. Anatsitsa kapu yawo, anaiika pakati pa zinzake, n'kukamba mokweza kuti khichini yonse imve: “Ba dokota banilola kubwela. Wamene afuna kuziba vambili abwele anifunse ine, osati firiji.” Anthu anaseka, nkhani inathera pomwepo.

Iwo anasankha kutchula matenda awo. Inu simukakamizidwa kutero kwa anzanu a pa desiki. Kalata ya dokotala ipite kwa abwana kapena ku ofesi yoona za anchito, osati pa gulupu. Kwa ena onse, “nenze kudwala, manje nili bwino” yakwana.

NGATI NDIMWE AMENE MULI PA DESIKI YAPAFUPI

Mwina simunafedwe, koma mailo mnzanu abwerera. Kambani pepani kamodzi, muli awiri, osati pa miting'i. Osafunsa matenda. Ngati simunapite ku maliro, nenani chabe kuti “sininakwanise kubwela, pepa,” chifukwa kuthawa kumawawa kuposa kusabwera. Sipika isiyeni ilire, mungachepetseko chabe. Muitaneni ku lanchi ngakhale akane katatu.

Ndipo mukumbukireni pakapita mwezi. Sabata yoyamba aliyense amakhala wachifundo. Pofika sabata yachisanu achibale abwerera ku Chipata ndi ku Petauke, mapoto obwereka abwezedwa, ofesi yaiwala, ndipo m'pamene nyumba imakhala chete zoona. Meseji imene ndimaisunga mpaka lelo inabwera nthawi imeneyo, kuchokera kwa dalaivala wathu: “Ba sisi, lelo muli bwanji?” Mawu akuti lelo ndiwo anandigwira, chifukwa funso la lelo chabe munthu ungaliyankhe.

Kwa inu ofedwa, kulira mu toileti ya ku nchito mwezi woyamba kapena wachiwiri si matenda. Koma ngati miyezi 6 yapita ndipo simugona, simudya, nchito yakukanikani, kapena mwayamba kudalira mowa kuti tsiku lipite, pitani mukaonane ndi aphungu ku kiliniki. Ngati mwayamba kuganiza zodzipha, osadikira miyezi, uzani munthu lelo lomwe. Nambala ya Lifeline, 933, ndi yaulere.

Duku ndinachotsa banja litandilola. Sabata yatha ndinalowa mu ofesi kuseni, sipika ikulira, anyamata akukangana za bola monga kale. Mmodzi anakweza mutu n'kukuwa kuti, “Iwe, nkhani yako ili kuti? Ba Edita bakusakila!” Palibe anazimya kalikonse. Ndinaika chikwama pansi, ndinapita ku khichini, ndinatenga kapu yanga pafupi ndi ya ba anti.